Nanga yankho la kumapeto kwa buku likakhala lolakwika?

Ambirife tinakula tikukhulupirira kuti mayankho a kumapeto kwa buku la masamu sangalakwike. Lathu likasiyana ndi la m'buku, timafufuta lathu. Nthawi zambiri olakwa timakhaladi ife, koma mabuku amalembedwa ndi anthu, ndipo nawonso amaphonya. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tiyenera kudziwa kuyesa mayankho amenewa, chifukwa tikamachonga ndi yankho lolakwika tidzalanda malikisi mwana amene wakhoza, n'kupatsa amene walakwa.

Titenge funso ili: mtengo wa chitenje wakwera ndi 20 peresenti ndipo tsopano ndi K6,000. Kodi mtengo wakale unali wotani? Tinene kuti ife tapeza K5,000, koma buku likuti K4,800.

Tisathamangire kubwereza masamu athu m'njira yomwe ija, chifukwa ngati tinalakwitsa poyamba, tikhoza kulakwitsanso pamalo omwewo. Choyamba ndi kubwezera mayankho onse awiri m'funso, tione limene likugwirizana ndi nkhaniyo. Ngati chitenje chinali K4,800, ndiye kuti 20 peresenti yake ndi K960, ndipo tikawonkhetsa tipeza K5,760. Funso likuti K6,000, choncho K4,800 yalephera. Ngati chinali K5,000, 20 peresenti yake ndi K1,000, ndipo tikawonkhetsa tifika pa K6,000 ndendende.

Komabe tisanaweruze buku, tiwerengenso funso pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. Likanati mtengo unali K6,000 kenako watsika ndi 20 peresenti, yankho lolondola likanakhaladi K4,800. Tionenso nambala ya funso ndi ya mutu, chifukwa ndi kosavuta kuyang'ana yankho la funso 7 pamene tikuyankha funso 8. Buku likasindikizidwanso, nthawi zina funso limasinthidwa koma yankho lakale n'kutsalira.

Chachitatu ndi kufufuza mmene wolemba anapezera K4,800, chifukwa nambala yolakwika kawirikawiri imakhala ndi pochokera. Pano tikuona kuti 20 peresenti ya K6,000 ndi K1,200, ndipo tikachotsera pa K6,000 patsala K4,800. Apa ndiye panakhota: peresenti yatengedwa pa mtengo watsopano, pamene kukwera kwa mtengo kumawerengedwa pa mtengo wakale. K6,000 ndi 120 peresenti ya mtengo wakale, choncho tigawa 6,000 ndi 120 n'kuchulukitsa ndi 100, tipeza K5,000. Tikatha kusonyeza kuti yankho la m'buku silikukwanira m'funso, komanso kuloza pamene linasokonekera, kukayika kwatha.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Kubwezera yankho m'funso kumationetsa ngati yankholo likukwanira, koma sikutiuza ngati latsala lina. Pa x² = 5x, tikagawa mbali zonse ndi x tipeza 5, ndipo 5 akukwanira bwinobwino. Koma 0 akukwaniranso. Buku likalemba 0 ndi 5, silinalakwe: ife ndi amene tataya yankho limodzi pogawa ndi x.

Komanso si kusiyana kulikonse kumene kuli kulakwa. 0.75 ndi 3/4 ndi nambala imodzi. Tikamapeza kukula kwa malo a bwalo limene kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi masentimita 7, wogwiritsa ntchito π ngati 22/7 apeza 154, pamene wotenga 3.142 apeza 153.96. Apa chofunika ndi kuona π amene funso latiuza kugwiritsa ntchito.

Nanga tikatsimikiza kuti buku lalakwa, titani? Tipemphe mnzathu ayankhe funsolo payekha, tisanamuuze yankho lathu kapena la m'buku, chifukwa munthu akadziwiratu yankho amakokera masamu ake komweko. Kenako tilembe papepala limodzi dzina la buku, chaka chimene linasindikizidwa, tsamba ndi nambala ya funso, ndipo pansi pake tionetse kuyesa kwathu konse. Pepalalo tipite nalo kwa aphunzitsi. Tikangonena kuti buku lalakwa, tiyambitsa mkangano. Koma tikanena kuti, "Aphunzitsi, tikabwezera K4,800 m'funso tikupeza K5,760, mutithandize kuona pamene pavuta," tawapatsa chinthu choti ayese okha m'mphindi imodzi, ndipo ngati olakwa ndife, atilozera pomwepo.

Tikadzapita kukayesera kuphunzitsa, tidzayambe tayankha tokha mafunso onse tisanachonge ngakhale kope limodzi. Tikadzaona kuti ana ambiri olimbikira apeza yankho lofanana koma losiyana ndi la papepala lathu lochongera, tidzaike kaye pansi cholembera chofiira, tiyese mayankho onse awiri. Ndipo pamayeso, ngati mayankho ndi amene tapatsidwa kuti tonse tichongere, tisasinthe patokha: tidziwitse mkulu wa phunzirolo, kuti kukonzako kufike pa kope la mwana aliyense.