Phunziro 14: Tambala wacilendo

Tiwerenge

Amayi a Rozita ali ndi nkhuku 8. Tsiku lina anapita ku msika wa ku Ulongwe. Anagula tambala wofiira. Tambalayo anali wamkulu ndiponso wokongola.

Rozita anakondwa. Anafuna kumulowetsa m'khola la nkhuku zina.

"Iai mwananga," anatero amayi. "Tambalayu agona yekha masiku 21."

"Cifukwa ciani, amayi? Onani, sakudwala."

"Matenda a citopa amabisala m'thupi. Nkhuku imaoneka yabwino lero, koma imadzagwa patapita masiku. Ikamadyera pamodzi ndi zinzake, imazipatsira zonse."

Abambo anamanga kakhola kuseri kwa mpanda, kumene nkhuku zina sizifika. Anaikamo cigoba ca madzi ndi mbale ya gaga. Ziwiya izi zinali za tambala yekha.

M'mawa uliwonse Rozita ankayamba kudyetsa nkhuku zakale. Kwa tambala ankapita pomaliza. Pobwerako ankasamba m'manja ndi m'mapazi ndi sopo, cifukwa matenda amayenda ndi zitosi. Madzulo ankaponya mwala umodzi m'cibekete powerenga masiku.

Miyala itakwana 5, tambala sanalire. Anagwetsa mapiko ngati wavala jekete. Ankapuma movutika. Zitosi zake zinali zamadzimadzi ndi zobiriwira. Mawa lake anafa.

Rozita analira. Abambo sanalole kuti tambalayo adyedwe. Anakumba dzenje lakuya kuti agalu asafukule. Anamukwirira pamodzi ndi nthenga ndi zitosi zake. Kakhola kaja anakatentha.

Ndalama za tambala zinapita. Koma nkhuku 8 zija zonse zinatsala zamoyo.

Patapita miyezi, amayi anagula tambala wina. Nayenso anagona yekha m'kakhola katsopano. Miyala inakwana 21, iye akudya bwino ndi kulira m'mamawa. Pamenepo Rozita anamutsegulira, nakalowa kwa zinzake.

Tiyankhe

1. Kodi tambala anagona kuti atacokera ku msika?
2. Kodi Rozita ankayamba kudyetsa nkhuku ziti?
3. Kodi tambala wodwala ankaoneka bwanji?
4. Tolani miyala 21. Ikani m'milu ya miyala 7. Kodi yapezeka milu ingati?

Kwa makolo

Werengani nkhaniyi pamodzi ndi mwana wanu. Citopa cimaonekera pakati pa masiku 2 ndi 15 cilowereni m'thupi la nkhuku. N'cifukwa cake masabata 3 ndi okwanira kuti cionekere. Mukagula nkhuku zingapo, imodzi n'kudwala, zotsalazo muyambenso kuziwerengera masiku. Citopa ciribe mankhwala ocizira. Katemera wodonthezera m'diso amateteza nkhuku zimene sizinadwale, ndipo amabwerezedwa miyezi 4 iriyonse. Mbuzi ndi nkhumba zogula kumene nazonso zisungidwe pazokha zisanalowe m'khola.