Kuonetsetsa Kuti Mlowam'malo Akuloza Dzina Limodzi

Tikamachonga zimangirizo za ana, maso athu amathamangira kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Pali cholakwa china chimene chimatidutsa kawirikawiri chifukwa mawu ake onse amakhala olembedwa bwino. Cholakwachi ndi cha mlowam'malo amene sakudziwika dzina limene akuimira. Mwana akalembera kwao kuti, "Amayi auze azakhali kuti abweretse ndalama zao," amayi angaganize kuti ndalamazo ndi za azakhali, pamene azakhali akuganiza kuti ndi za amayi. Mapeto ake palibe amene abweretse kanthu.

Gwero la vutoli

Poyankhula timaloza ndi chala, ndipo womvera akasokonezeka amatidula nafunsa kuti, "Ukunena yani?" Wowerenga alibe mwayi umenewu. Mwana wolembayo saona vuto chifukwa nkhani yonse ili m'mutu mwake.

M'Chichewa tisayang'ane alowam'malo oima paokha okha monga iye, iwo, ichi ndi izi. Ntchito yaikulu yoloza dzina imagwiridwa ndi agwirizanitsi amene amaphatikizika ku mneni, monga i- m'mawu oti inagwa, kapena -wa- m'mawu oti anawauza. Agwirizanitsiwa amatsata gulu la dzina, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimatithandiza. Taonani chiganizo ichi: "Galu anathamangitsa mbuzi mpaka inagwa." Galu ali m'gulu la Mu-A, mbuzi ili m'gulu la I-Zi, choncho i- sangaimire galu. Koma tikati, "Nkhosa inathamangitsa mbuzi mpaka inagwa," maina onse awiri ali m'gulu limodzi ndipo sitingadziwe imene inagwa. Lamulo loyamba nali: pamene maina awiri a gulu limodzi ayandikana, mphunzitsi akhale tcheru.

Maina a anthu ndiwo ovuta koposa. Mgwirizanitsi a- amaimira munthu mmodzi, anthu ambiri, ndiponso munthu mmodzi wolemekezeka. Tikawerenga kuti, "Aphunzitsi anaitana ana atamaliza ntchito," sitidziwa ngati anamaliza ntchitoyo ndi aphunzitsi kapena ana.

Chitsanzo cha ndime

Tiyerekeze kuti mwana wa Sitandade 6 walemba ndime iyi:

"Loweruka bambo anapita ndi amalume kumsika kukagulitsa mbuzi ndi nkhuku. Atafika anawauza kuti adikire pansi pa mtengo wa mango. Zinali zoonda, choncho anthu sanazigule. Izi zinawakwiyitsa kwambiri."

Njira yathu ili ndi masitepe atatu. Poyamba tidule mzere kunsi kwa liwu lililonse loimira dzina. Kenaka tijambule muvi kuchokera pa liwulo kubwerera ku dzina lililonse limene lingagwirizane nalo. Pomaliza tiwerenge mivi. Muvi ukakhala umodzi, palibe vuto. Ikakhala iwiri kapena kuposerapo, kapena muvi ukasowa pogwera, chiganizocho chiyenera kukonzedwa.

Tiyambe ndi anawauza. Wouzayo angakhale bambo, angakhalenso amalume, ndipo wouzidwayo chimodzimodzi. Apa mivi ndi iwiri. Pa mawu oti zinali, mtengo ndi mango tizichotsa msanga pakuti sizitenga zi-. Zotsala ndi mbuzi ndi nkhuku. Maina awiriwa sasintha pochulukitsa, motero sitidziwa ngati zoondazo ndi mbuzi, nkhuku, kapena zonse pamodzi.

Liwu loti izi ndilo lozembetsa kwambiri. Lingaloze ziweto, lingaloze kuonda kwake, lingalozenso kukana kwa ogula. Ana amakonda izi ndi zimenezi chifukwa mawuwa amasenza chiganizo chathunthu popanda kuchitchula. Kuti tiyese liwu lotere, tiike dzina patsogolo pake nkuona ngati likhazikika: ziweto izi, kuonda uku, kukana uku. Ngati maina angapo akukwanira, ndiye kuti mwanayo sanasankhe chimene akunena. Nayenso -wa- wa mu zinawakwiyitsa angagwere pa bambo, pa amalume, ngakhale pa anthu ogulawo.

Kukonza

Tisamukonzere mwana ndimeyo, pakuti ife sitinali kumsikako. Tingolemba m'mphepete mwa tsamba funso lalifupi, "Ndani?" kapena "Chiyani?", ndipo iye ayankhe. Atayankha angalembe motere:

"Loweruka bambo anapita ndi amalume kumsika kukagulitsa mbuzi imodzi ndi nkhuku zinayi. Atafika, bambo anati, 'Alamu, dikirani pansi pa mtengo wa mango.' Nkhukuzo zinali zoonda, choncho anthu sanazigule. Kubwerera nazo kumudzi kunawakwiyitsa bambo kwambiri."

Mwanayu wagwiritsa ntchito njira zitatu zimene tiyenera kuphunzitsa. Yoyamba ndi kubwereza dzina, ndipo mphatikiri -zo mu nkhukuzo akuonetsa kuti ndi zomwe zatchulidwa kale. Yachiwiri ndi kulemba mawu enieni a woyankhula, kumene kumasiyanitsa wouza ndi wouzidwa. Yachitatu ndi kuchotsa izi nkuikapo chinthu chenichenicho, ndicho kubwerera ndi nkhuku. Taonaninso kuti mbuzi itadziwika kuti ndi imodzi, -zi- wa mu sanazigule watsala ndi muvi umodzi wokha.

Malire ake

Ana ena akamva phunziroli amayamba kuopa alowam'malo onse, nalemba kuti, "Bambo anadzuka. Bambo anasamba. Bambo anapita kumunda." Kumeneku ndi kuwotcha nyumba pofuna kupha khoswe. Pamene nkhani ikunena za munthu mmodzi, mgwirizanitsi ndi wokwanira. Dzina libwerezedwe pamene palowa dzina lina la gulu lomwelo, pamene wochita wasintha, ndiponso poyamba ndime yatsopano.

Tikumbukirenso kuti nthawi zina nzeru yachibadwa imathetsa chikaiko. Mu chiganizo choti, "Nkhuku inathawa njoka chifukwa inafuna kumeza mazira ake," maina onse ali m'gulu la I-Zi, komabe aliyense akudziwa imene imameza mazira. Chiganizo chotere tisachiike chizindikiro chofiira. Muyeso wathu ndi wakuti: kodi munthu amene sanaone zochitikazo angamve mosiyana ndi wolemba?

M'kalasi

Pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, ambiri a ife tidzapeza makalasi aakulu moti sitingajambule mivi m'kope lililonse. Tilembe ndime imodzi pabolodi ndi kujambula mivi pamodzi ndi ana. Kenaka ana asinthane makope awiriawiri. Wowerenga ajambule mivi ndi pensulo, ndipo wolemba asaloledwe kufotokoza pakamwa kufikira mnzakeyo atatsiriza. Lamulo la kukhala cheteli ndilo mtima wa ntchitoyi, pakuti mwana amakhulupirira kuti chiganizo chake nchosamveka pokhapokha ataona muvi wa mnzake ukugwera pa dzina limene iye sanali kuganiza.

Luso lomweli lidzawathandiza m'Chingerezi, m'mene liwu limodzi limaimira galu, mtengo ndi chingwe chomwe, popanda magulu a maina owasiyanitsa. Ziganizo zimene m'Chichewa zimamveka chifukwa cha agwirizanitsi zimasokonekera zikatembenuzidwa liwu ndi liwu, choncho mivi ndi yofunikanso kumeneko.

Ntchito: tengani zimangirizo zisanu za kalasi limene mukuphunzitsa, jambulani mivi, ndipo muone mtundu wa liwu limene likusokoneza kawirikawiri. Phunziro lanu lotsatira liyambire pamenepo.