Tabuleti imodzi, ana atatu: kagawidwe ka nthawi pogwiritsa ntchito Family Link

Ngati pakhomo panu pali tabuleti imodzi ndipo ana a ku pulayimale ndi awiri kapena atatu, mwina munayesapo kale kuika apu yochepetsa nthawi, koma ndewu osatha. Ine zinandichitikira. Ndinaika malire a ola limodzi ndi theka pa tsiku, ndikuganiza kuti ana anga atatu adzagawana mphindi 30 aliyense. Wamkulu ankaweruka msanga, n'kukhala kuseri kwa nkhokwe ndi tabuletiyo, ndipo pomwe mzime ankafika kuchokera kwa ambuye ake, sikirini inali itatseka kale. Chifukwa chake n'chakuti apuyo imawerenga nthawi ya akaunti, siiona nkhope ya amene wagwira tabuleti. Ana atatu pa akaunti imodzi, kwa iyo, ndi mwana mmodzi. Choncho ntchito yaikulu ndi kupatsa mwana aliyense khomo lakelake pa tabuletiyo, ndipo malire a nthawi amabwera pambuyo pake.

Ndikunena za matabuleti a Android, chifukwa ndi amene ambiri tili nawo kuno ku Mkaika. Apu yake ndi Family Link ya Google, ndipo ndi yaulere. Mukaona apu ina ikufuna ndalama mwezi ndi mwezi, isiyeni, simukuifunikira. Chomwe mudzawononge ndi bandulo basi. Gulani ya 1GB ya tsikulo, chifukwa tabuleti imayamba yakonzanso maapu ake akale musanafike pa zomwe mukufuna. Patulani ola limodzi la mwana woyamba, ndipo enawo mphindi 20 aliyense dzanja likazolowera. Batire ikhale yodzaza, ndipo mukhale pamalo pomwe netiweki ya Airtel, MTN kapena Zamtel imagwira bwino. Ngati pakhomo imabwera n'kumathawa, ndi bwino kuchitira zonse tsiku lomwe mwapita ku boma ku Katete. Netiweki ikaduka muli pakati potsegula akaunti, kawirikawiri mumayambiranso.

Yambani ndi kuona ngati tabuleti yanu imalola anthu angapo. Tsegulani Settings, pakabokosi kofufuzira lembani mawu akuti users. Pa matabuleti ambiri mudzazipeza pa System kenako Multiple users, pomwe pa Samsung zili pansi pa Accounts and backup. Mukazipeza, inuyo ndinu Owner, mwini wake. Musanachite china chilichonse, ikani pini yanu yotsekera sikirini, ya manambala asanu ndi limodzi. Isakhale chaka chanu chobadwa, ndipo isafanane ndi pini ya ndalama za pafoni, chifukwa ana amayang'ana zala mukamatumiza ndalama. Musagwiritsenso ntchito kachithunzi kojambula ndi chala kaja. Dzanja lomwe langochoka pa nsima limasiya mzere wa mafuta pagalasi, ndipo mwana akapendeketsa tabuleti padzuwa amaona njira yonse.

Tsopano ikani Family Link kuchokera ku Play Store. Ngati muli ndi foni yamakono, iikeni m'menemo. Ngati yanu ndi kafoni ka mabatani, palibe vuto, iikeni pa tabuleti yomweyo, mbali yanu ya Owner. Lowani ndi akaunti yanu ya Google, ndipo mutsegulire mwana aliyense akaunti yake. Apa pali msampha womwe makolo ambiri amagweramo: pofuna kufulumira, amalemba chaka chobadwa cha munthu wamkulu. Musatero. Lembani tsiku lenileni lobadwa la mwanayo, monga lilili pa khadi la ku sikelo. Akaunti ya mwana wosakwana zaka 13 imakhala pansi pa ulamuliro wa kholo, ndipo mwanayo sangadzichotsepo yekha. Mukamukulitsa zaka, mwamupatsa akaunti ya munthu wamkulu. Mayina a akaunti ndi mapasiwedi onse alembeni m'kope, muliike pomwe mumasunga makhadi a chipatala ndi mapepala a feteleza.

Mukatero bwererani ku Multiple users, dinani Add user, lembani dzina la mwana, ndipo tabuleti ikafunsa akaunti, lowetsani ya mwanayo. Idzafunsanso pasiwedi yanu kutsimikiza kuti kholo lavomera. Pomaliza mwanayo asankhe pini yake, inu muilembe m'kope. Chitani chimodzimodzi kwa aliyense. Ngati tabuleti ili ndi simu khadi, pa dzina la mwana aliyense pamakhala kabatani kolembedwa Turn on phone calls & SMS. Kasiyeni kozimitsa, kuti mwana asamaimbe foni kapena kuwerenga mauthenga a ndalama zanu.

Nthawi yake muigawe poyang'ana batire ndi ntchito za pakhomo. Kwathu timatchajira pa sola yaing'ono, ndipo m'miyezi ya mitambo ya Januwale ndi Febuluwale tabuleti siidzaza tsiku lililonse. Ndinaona kuti maola awiri pa tsiku ndi omwe ana angatenge popanda kutisiya akuluakulu ndi tabuleti yakufa madzulo. Wa giredi 6 ndinamupatsa mphindi 50, wa giredi 4 mphindi 40, mzime wa giredi 1 mphindi 30. Manambalawa amalowetsedwa mu Family Link pa Daily limit, ndipo tsiku lililonse la sabata likhoza kukhala ndi yake, kotero Loweruka mukhoza kuwonjezerako. Kenako pali Downtime, nthawi yomwe mbali ya mwana imatsekeratu. Ine ndinaika kuyambira 19:30 mpaka 13:00 mawa lake m'masiku a sukulu. Ambiri amatsegula 06:00, n'kumadabwa kuti mwana sanasese pabwalo ndipo wachedwa ku sukulu.

Muwaphunzitse chinthu chimodzi msanga: akaitanidwa kukatunga madzi kapena kukatsekera mbuzi, azizimitsa sikirini. Apuyo imawerenga nthawi yonse yomwe sikirini yayaka, ngakhale tabuleti ili yokha pamphasa. Mwana akabwera akulira kuti nthawi yake yabedwa, nthawi zambiri vuto limakhala limeneli.

Pa zomwe angaone, zinthu zitatu n'zokwanira kwa ana a msinkhu uwu. Pa Google Play sankhani kuti apu iliyonse izifuna chilolezo chanu isanalowe, yaulere yomwe. Pa Chrome pali Try to block explicit sites ndi Only allow approved sites. Yoyambayo imayesa kutchinga zolaula koma imaphonya zina. Yachiwiri imatseka zonse kupatula zomwe mwavomereza, ndipo kwa mwana wa giredi 1 mpaka 4 ine ndimasankha yachiwiriyo. Ngati YouTube Kids ikupezeka pa Play Store yanu, mavidiyo aziwonera pamenepo, chifukwa ili ndi magawo a zaka 5 mpaka 8 ndi 9 mpaka 12. Mukapatsa mwana apuyi kumbali yanu, dziwani kuti loko wake woyamba ndi funso la kuchulukitsa manambala, lomwe mwana wa giredi 4 amaliyankha msanga kuposa ife. Sinthani muike pasikodi yanu.

Family Link siiwerenga bandulo, ndipo bandulo ya pa simu khadi ndi imodzi kwa onse. Ola limodzi la vidiyo, ngakhale yosawala kwambiri, likhoza kudya 300MB kapena kuposerapo, pomwe masewera ambiri ndi mabuku omwe mwaika kale safuna intaneti. Malire omwe afika kale pa tabuleti amagwirabe ntchito data itazimitsidwa, ndiye musaope kuizimitsa. Koma mukasintha malire pa foni yanu, kusinthako sikufika mpaka tabuleti italumikizidwa. Ngati mwachepetsa nthawi koma mwana akuwonerabe, yatsani data kwa mphindi ziwiri. Ikatseka mukuifuna mwachangu ndipo netiweki palibe, mu Family Link muli Parent access code, nambala yomwe imatsegula popanda intaneti. Imasintha pakapita kanthawi, choncho kuilemba m'kope n'kungotaya inki.

Nanga ana amadutsira pati? Khomo loyamba ndi Guest, mbali ya mlendo, yomwe ilibe malire alionse. Pa Multiple users zimitsani Add users from lock screen, ndipo mu Family Link, pa zokhudza tabuleti ya mwana aliyense, letsani kuti asamawonjezere anthu. Nthawi ndi nthawi muziyang'ana mndandanda wa mayina, ndipo mukapeza dzina lomwe simunaike, lifufuteni. Khomo lachiwiri ndi pini ya mng'ono wake. Wamkulu nthawi yake ikatha amanyengerera mzime ndi chimanga chootcha, kapena kumuopseza, n'kulowa mbali yake. Izi zimaoneka mosavuta. Tsegulani lipoti la mzime mu Family Link: ngati mphindi zake 30 zinatha 14:00 pomwe iye anali kumunda ndi amayi ake, mwadziwa. Sinthani pini ya mzime, muziitsegula nokha, ndipo wolakwayo mawa lake Daily limit yake itsike.

Kumapeto kwa Ogasiti, pa Kulamba, pomwe abale ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique amadzaza makomo athu kubwera kudzalambira Kalonga Gawa Undi, asuweni onse amafuna kugwirako. Musawatsegulire Guest, ndipo musachotse malire poganiza kuti mudzabwezeretsa, chifukwa mudzaiwala mpaka sukulu itatsegulira. Mu Family Link muli bonus time, nthawi yowonjezera ya tsiku lomwelo lokha. Onjezerani ola pa mbali ya mzime, yomwe ndi yotchingidwa kwambiri, onse aziwonera limodzi pakhonde.

Matabuleti ena otchipa alibe Multiple users, ndipo ena a 2GB RAM amayamba kukwawa mukaikamo anthu anayi. Ngati yanu ikukwawa, khalani ndi mbali ziwiri zokha, yanu ndi ya ana onse, nthawi muziigawa ndi alamu ya pa kafoni kanu. Ngati ilibiretu Multiple users, samalani: kuika akaunti ya mwana ya Family Link pamenepo kumafuna kuti akaunti yanu ichoke pa tabuletiyo. Ngati inunso mumaigwiritsa ntchito pa malonda kapena za mpingo, njira yabwino ndi App pinning, yomwe ili pansi pa Security. Iyatseni pamodzi ndi Ask for PIN before unpinning, tsegulani apu yomwe mwana akufuna, muikhomerere, ndipo sangatulukemo popanda pini yanu. Siiwerenga nthawi, koma imateteza mauthenga ndi zithunzi zanu.

Tabuleti ikavuta, mnyamata wokonza mafoni pamsika angakuuzeni kuti aifufute yonse iyambirenso. Musanavomere, dziwani kuti ikadzayaka ikhoza kufuna pasiwedi ya akaunti ya Google yomwe inalimo, ndipo popanda iyo siitseguka. Tengani kope lija popita kumeneko, pasiwediyo mulowetse nokha, ndipo mukafika kunyumba mbali za ana muzikonzenso kuyambira pa Add user.