Makapu atatu ndi sikelo ya manambala 9

Ophunzira inu, pa mayeso ochita ndi manja ambiri amataya malikisi asanathire n'komwe chakumwa m'kapu, chifukwa sanamvetse funso. Mafunso alipo awiri: kodi zakudya ziwiri zikusiyana, ndipo kodi anthu akuzikonda? Loyamba limayankhidwa ndi tirayango tesiti, lachiwiri ndi sikelo ya hedoniki. Mukawasakaniza, zonse zaonongeka.

Tiyerekeze kuti wokuyesani wakupatsani juwisi wa malambe wa mitundu iwiri. A ndi wa masiku onse, B wachepetsedwa shuga pang'ono. Wopanga akufuna kudziwa ngati lilime la munthu lingazindikire kusinthako.

Wolawa aliyense mumupatsa makapu atatu, awiri ofanana ndi imodzi yosiyana, n'kumuuza kuti aloze yosiyanayo. Kasanjidwe kake kalipo ka mitundu 6: AAB, ABA, BAA, BBA, BAB ndi ABB. Ngati olawa ndi 24, kasanjidwe kalikonse kaoneke kanayi. Pa makapu musalembe A kapena B, 1 kapena 2, poti munthu akaona 1 amaganiza kuti ndiye wabwino. Lembani manambala atatuatatu osatsatana, monga 582, 917 ndi 346, ndipo pepala losonyeza kuti nambala iti ndi ya juwisi uti likhale m'thumba mwanu.

Tsono samalani zimene maso ndi manja angaulule lilime lisanagwire ntchito. Makapu akhale amodzimodzi, muyezo umodzi, tinene mamililita 30, kuzizira kumodzi. Malambe amadikha pansi, choncho takasani nthawi iliyonse musanathire, apo ayi kapu yomaliza idzakhala yolemera ndipo wolawa adzailoza ndi maso okha. Alawe kuyambira kumanzere kupita kumanja, azichukucha m'kamwa ndi madzi pakati, ndipo asaonane nkhope ndi mnzake. Tsinya limodzi la woyandikana naye limakwanira kusintha yankho. Wina akati, "Aphunzitsi, zonse n'zofanana," muuzeni asankhebe imodzi. Masamu onse a njirayi atsamira pa lamulo limenelo.

Masamuwo ndi awa. Munthu wongolota ali ndi mwayi umodzi pa itatu wolondola, kotero mwa anthu 24, pafupifupi 8 adzalondola ngakhale juwisi atakhala yemweyo m'makapu onse. Tinene kuti alondola 11. Ambiri a inu mudzalemba mokondwa kuti kusiyana kulipo poti 11 waposa 8. Ayi. Pitani pa tebulo la manambala, longa lomwe lili mu ISO 4120. Pa mlingo wa 0.05, anthu 24 amafuna mayankho olondola osachepera 13. Anthu 18 amafuna 10, anthu 30 amafuna 15. Ndiye 11 wapelewera, ndipo mulembe kuti kusiyana sikunatsimikizike. Musalembe kuti juwisi awiriwo ndi ofanana: gulu laling'ono chotero lingathe kuphonya kusiyana komwe kulipodi, ndipo kutsimikiza kufanana kumafuna olawa ochuluka kwambiri.

Nanga akalondola 15? Mwadziwa kuti akusiyana, basi. Simunadziwe kuti wokoma ndi uti. Ndipo musafunse pa pepala lomwelo kuti akonda uti, chifukwa munthu amene watha mphindi akusaka kapu yachilendo amayamba kuiona ngati yolakwika.

Za kukonda zili ndi chida chake. Sikelo ya hedoniki idakonzedwa ku Chicago poyesa chakudya cha asilikali a ku America, ndipo Peryam ndi Pilgrim adaifalitsa mu 1957. Ili ndi masitepe 9: pa 1 munthu wanyansidwa nacho kotheratu, pa 5 sakuchikonda komanso sakudana nacho, pa 9 wachikonda kotheratu. Pano mufuna anthu wamba amene amamwa juwisiyo, osati akatswiri ophunzitsidwa kulawa, ndipo akhale ambiri, makumi angapo. Muwapatse kapu imodzi pa nthawi, dongosolo likusinthasintha, poti kapu yoyamba kawirikawiri imalandira chisomo. Wophika asaime pafupi. Kwathu kuno mlendo sanyoza chakudya pamaso pa mwini mphika, ndiye mudzatuta ma 8 aulemu chabe.

Powerengera, avereji yokha imanamiza. Anthu 10 onse akapereka 6, avereji ndi 6. Asanu akapereka 9 ndipo asanu 3, avereji ndi 6 yemweyo, koma juwisi woyamba sanasangalatse kapena kukwiyitsa aliyense, pamene wachiwiri ali ndi ogula ake enieni. Choncho onetsani ndi kumwazikana kwa manambalawo.

Lachinayi aliyense abwere atalemba kale kasanjidwe ka makapu a olawa 24, ndi manambala ake onse 72. Musadzole mafuta onunkhira tsikulo.