Kasitomala wakale: imelo ichokere m'buku la maoda

Ogulitsa mbatata ya kachewere a ku Bembeke ndi madera ena a m'mapiri a Dedza amene amatumiza katundu ku malo odyera ndi ogona alendo ku Lilongwe amathera nthawi yambiri kusaka makasitomala atsopano. Koma ndalama yapafupi ili kwa amene akugula kale. Ambiri mwa malowa amaitanitsa katundu ndi kulandira mainivoisi pa imelo, choncho njira yowafikira ilipo. Chimavuta n'choti muwalembere chiyani.

Imelo yoti "tili ndi mbatata yabwino, gulani yambiri" siwerengedwa. Manejala amawerenga imelo yokamba za khitchini yake, ndipo za khitchiniyo mumazidziwa poyang'ana m'buku lanu la maoda.

Tiyerekeze motere, ndipo mitengoyi ndi yongochitira chitsanzo. Malo ena odyera amagula matumba anayi a makilogalamu 50 Lolemba lililonse, pa K40,000 thumba. Mukabwerera m'buku masabata asanu ndi limodzi, mukupeza kuti kanayi konse anaimba Lachinayi kupempha matumba ena awiri mwachangu, n'kulipira K10,000 ya thiransipoti ulendo uliwonse. Dalaivala wanu wakuuzaninso kuti ophika amadandaula ndi timbatata ting'onoting'ono, chifukwa ntchito yawo yaikulu ndi tchipisi.

Apa ambiri amathamangira kunena kuti "muzitenga matumba asanu ndi limodzi". Werengani kaye. Pa masabata amenewa agula matumba 32, kutanthauza asanu ndi pang'ono pa sabata. Mukawakankhira asanu ndi limodzi, ina idzatsala m'sitolo, n'kuyamba kumera kapena kubiriwira ngati pamalopo pakufika kuwala, ndipo mlandu udzakhala wanu. Chowayenera ndi matumba asanu a mbatata yosankhidwa, ikuluikulu yokha, pa K45,000. Yaikulu imatayika pang'ono posenda ndipo imatulutsa tchipisi chachitali.

Imelo yake ikhale yaifupi. Pamutu lembani: "Maoda anu a Lachinayi". Pansi pake:

"Zikomo bwana. Taona kuti m'masabata asanu ndi limodzi apitawa mwaitanitsa matumba owonjezera kanayi, ndipo thiransipoti yokha yakudyerani K40,000. Zonse pamodzi mwakhala mukulipira K220,000 pa sabata. Tikhoza kumakubweretserani matumba asanu a mbatata ikuluikulu yosankhidwa Lolemba lililonse pa K225,000, ulendo umodzi basi. Lolemba likubwerali tiike thumba limodzi lotere pa oda yanu, pa mtengo wakale, kuti ophika ayese? Mukangoyankha kuti inde, tikonza."

Onani kuti kukwera kwa K5,000 sikunabisidwe. Manejala ali ndi mabuku akenso, ndipo akapeza yekha kuti mwazembetsa chiwerengero, sadzakhulupiriranso zina zonse. Onaninso kuti pempho ndi limodzi. Kabichi, karoti ndi anyezi zidikire tsiku lina.

Thumba loyeseralo ndiye mtima wa nkhaniyi. Simukudziwa ngati matumba asanu osankhidwa adzakwaniredi sabata yonse, ndiye musalonjeze. Pemphani ophika asende makilogalamu khumi a mbatata yakale ndi khumi a yosankhidwa, kenako ayeze pa sikelo zotsala. Kusiyana kukakhala kochepa, K5,000 yowonjezera pa thumba ilibe chifukwa, ndipo ndi bwino kungowapatsa matumba asanu wamba.

Kumbali yanu, masamu akuoneka okoma: kale mumalandira pafupifupi K213,000 pa sabata, tsopano K225,000 pa matumba ochepa. Koma musaiwale ing'onoing'ono yotsala posankha. Imeneyo mudzaigulitsa motsika pa msika wa Dedza kapena pa Lizulu, ndipo osankhawo afuna malipiro. Zimenezi zikadya phindu lonse, mwangodzionjezera ntchito. Ganiziraninso miyezi imene mbatata imasowa: ngati simungapeze ikuluikulu chaka chonse, lembani m'imelomo kuti mtengowu ndi wa mwezi umodzi, kenako mudzaunikanso.

Tumizani kwa munthu amene amasaina maoda, osati ku adiresi ya malo onse imene alendo amasungitsirapo zipinda. Lachisanu ndi Loweruka m'khitchini mumakhala piringupiringu, choncho Lachiwiri m'mawa ndi bwino, katundu wa Lolemba akadali m'maso. Ndipo ngati oda yomaliza inali ndi dandaulo, kaya yowola kaya kuchedwa, konzani zimenezo kaye musanatchule za mtengo wokwera.

Pakatha masiku atatu kuli zii, tumizani uthenga umodzi pa WhatsApp wofunsa ngati imelo ija inafika. Akakana kapena akapitiriza kukhala chete, zisiyeni, Lolemba mupereke matumba anayi aja monga mwa nthawi zonse, n'kumalembabe m'buku tsiku lililonse limene aimba kupempha owonjezera.