Kumvetsa Manambala a Lipoti la Katemera

Mwezi uliwonse ogwira ntchito pa chipatala cha Msakambewa m'boma la Dowa amawerengetsa ana amene alandira katemera, ndipo chiwerengerocho chimalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo ziwerengero za zipatala. Pulogalamuyi imawerengera yokha n'kutulutsa lipoti, koma a komiti yoyang'anira chipatala sangagamule bwino kanthu ngati sanauzidwe kumene nambala iliyonse yachokera.

Katemera wa Penta, amene amateteza ku matenda asanu kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, amaperekedwa katatu: mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Pa lipoti, Penta1 ndi ana amene abayidwa koyamba, ndipo Penta3 ndi amene abayidwa kachitatu. Manambala awiriwa ndi owerengedwa ndi anthu kuchokera m'kaundula wa kusikelo.

Peresenti, kutanthauza chiwerengero pa 100 aliwonse, imafuna nambala ina ya ana osakwana chaka amene akuyembekezeka kukhala m'deralo. Nambala imeneyi palibe amene anaiwerenga khomo ndi khomo chaka chino, chifukwa ndi yoyerekeza kuchokera pa kalembera wa anthu wa 2018. Mwachitsanzo, ngati akuyembekezeka ana 1,200 pa chaka, kompyuta imagawa ndi 12 n'kupeza 100 pa mwezi, kotero ana 90 akabayidwa Penta1 lipoti limaonetsa 90 peresenti, ndipo 72 akabayidwa Penta3 limaonetsa 72 peresenti.

Nambala imene imasokoneza ambiri ndi ya ana osiyira panjira. Kompyuta imachotsa 72 pa 90 n'kutsala 18, kenako imagawa 18 ndi 90, osati ndi 100, popeza funso lake ndi lakuti, mwa ana amene anayamba katemera, ndi angati sanamalize. Yankho ndi 20 peresenti. Ikapitirira 10 peresenti akatswiri amati pali vuto, ndipo komiti iyenera kufunsa ngati katemera anatha, kapena ngati mvula inadula misewu ya m'mapiri moti alangizi a zaumoyo sanafike ku sikelo za m'midzi.

Nthawi zina lipoti limaonetsa nambala yopitirira 100 peresenti. Izi sizitanthauza kuti mwana aliyense wabayidwa. Mwina amayi a mbali ya Ntchisi abwera ndi ana awo, amene sali m'chiwerengero cha deralo, kapena chiwerengero choyerekezacho n'chochepa kusiyana ndi ana amene alipodi. Nambala ikatsika mwadzidzidzi, choyamba n'kufufuza ngati mafomu onse a mweziwo analowetsedwa, chifukwa kompyuta imaphatikiza zokhazo zimene yapatsidwa. Wofotokoza lipoti amachita bwino kubweretsa kaundula ku msonkhano, kuti a komiti awerengetse okha mwezi umodzi n'kuyerekeza ndi zimene kompyuta yatulutsa.