Kuyankha kalata ya mayi a ku Area 47

Mwati Loweruka mukadziwitsa anthu za mlendo wolemekezeka pa msonkhano ku BICC, koma mukamawerenga mumathamanga mpaka mpweya kukutherani.

Mayi, foni yanu ikuthandizani. Lowani m'chipinda chachete, muiike patebulo kutalika ngati mkono wanu, muimirire monga mudzaimire pa tsikulo, ndipo mudzijambule mawu mukuwerenga mokweza. Mukaphonya musaime, pitirirani mpaka kumapeto.

Pomvetsera koyamba, yang'anani nthawi yokha. Ngati mawu 100 mwawamaliza m'masekondi 40, mwathamanga. Chichewa chili ndi mawu aatali, ndiye apatseni mphindi yathunthu. Lembani kamzere papepala paliponse poyenera kupuma, makamaka musanatchule dzina la mlendo, chifukwa dzinalo ndi limene anthu akudikira.

Kachiwiri, tsekani maso. Ambirife mawu amazilala kumapeto kwa chiganizo, moti amene akhala kumbuyo kwa holo samva udindo wa mlendoyo. Mukamva zimenezi, bwerezani chiganizocho mutadzutsa mutu.

Pamene lilime lapunthwa kawiri, vuto ndi chiganizocho, osati inuyo. Ngati munalemba kuti “mlendo wathu amene wakhala akugwira ntchito yolimbikitsa ulimi wothirira”, dulani: “Mlendo wathu ndi katswiri wa ulimi wothirira.” Mukatero jambulaninso, mufananize ndi poyamba paja, kenako mumvetsere pa sipika, chifukwa mahedifoni amakometsa mawu kuposa mmene adzamvekere mu holo.